Pisani Dzanja Pansi pa Beseni

Ine ndili ndi mtima wapachala. Malemu amayi ankanena kawirikawiri, mwamuna wanga ananena mpaka anatopa, ndipo nditagula foni yaikulu vutolo linangokulirakulira, chifukwa tsopano ndinkatha kukangana ndi anthu oti sindinawaonepo, ndili khale pakhonde panga.

Pa nthawi ya nkhani ino ndinali nditatha zaka ziwiri ndikugulitsa mpunga wa m'mapaketi. Ndinkagula wosapuntha kwa alimi a ku Lifuwu, kufupi ndi kwathu, n'kukapunthitsa kuchigayo, kuusefa, kuupeta, kuusankha miyala, kenako kuuyeza pa sikelo n'kuumata m'mapepala apulasitiki. Benchi kumsika ndinalibe. Msika wanga unali gulu la malonda la pafoni, momwe munali anthu a ku Salima kuno ndi ena okhala ku Lilongwe koma kwawo ndi konkuno. M'gulumo munkagulitsidwa chilichonse: nkhunda, matayala akale, nsapato, ngakhale malo. Ine ndinkaikamo zithunzi za mapaketi anga Lolemba lililonse, ndi mawu omwewomwewo: Kilombero weniweni, wosankha kale, ingotsukani n'kuphika.

M'gulu lomwelo ndinapezamo oda imene ndinali ndisanaionepo. Mayi wina, kwawo ku Chitala koma wokhala ku Lilongwe, ankakwatitsa mwana wake wamkazi, ndipo ankafuna makilo 150 a paukwati. Tinagwirizana kuti Lachisanu atumiza theka la ndalama. Ine ndi changu changa sindinadikire Lachisanulo. Ndinatenga mpamba wanga wonse, osasiyako ndi ya sopo yomwe, n'kugula matumba asanu ndi limodzi a wosapuntha. Ndinapunthitsa, ndipo masiku anayi athunthu ndinali pamphasa ndi lichero mpaka khosi linauma. Mayiyo akanati asinthe maganizo, ndikanatsala ndi mpunga wodzadza chipinda, m'thumba mulibe kanthu, ndipo makasitomala anga a kilo imodzi imodzi akanaumaliza mwina mvula itagwa kale.

Lolemba la sabata imeneyo ndinaika zithunzi monga mwa nthawi zonse, ndi mtengo wake, K4,500 pa kilo. Sipanathe mphindi khumi, bambo wa tayi anatulukira.

Bamboyu sindinkamudziwa pamaso. Pachithunzi chake anavala tayi yofiira, atagwira chibwano ngati munthu woganizira za dziko lonse. Sanagulepo kanthu m'gulumo, sanagulitsepo kanthu, koma panalibe malonda odutsa iye osathirapo ndemanga. Wogulitsa nkhunda anamufunsapo ngati nkhundazo zimayankhula. Mtsikana wina wogulitsa makeke anatuluka m'gulu chifukwa cha iye yemweyu.

Kwa ine analemba kuti: “Madamu, pepani kufunsa. Mpunga umenewu tikadya timayamba kulankhula Chingerezi? Kapena paketi iliyonse muli ka golide kobisika? Tiuzeni, mwina tikagulitse ng'ombe.”

Anthu anaseka. Tizithunzi toseka tija tinatsika ngati matalala. Ndinaika foni pansi, n'kupita kukamwa madzi. Ndinadziuza kuti galu akamauwa sumuyankha. Ndinabwerera n'kuitenganso.

Poyamba ndinayankha mwaulemu, Mulungu ndi mboni. Ndinati: “Zikomo bambo pofunsa. Mpungawu ndi wosankha kale komanso ndi wa pasikelo, n'chifukwa chake mtengo uli choncho.”

“Aaa, wosankha,” anayankha. “Ndiye kuti enafe timadya wokanidwa. Mumausankha ndi mavoti kapena?”

Anthu anasekanso, ndipo pakati pa kusekako ndinaona kuti mayi wa ukwati uja wawerenga. Iye sanaseke nawo, sanalembenso kanthu. Kukhala chete kwakeko kunandiopsa kuposa kuseka kwa gulu lonse.

Ndiye ndinakhala pansi n'kufotokoza bwinobwino, chifukwa mtengo wangawo sindinaulote kutulo. Ndinalemba kuti thumba la makilo 50 la wosapuntha likalowa m'chigayo silituluka 50. Mankhusu ndi madeya zikachoka umatsala ndi makilo 32, ukachita mwayi 33. Ukaika pa sefa, wosweka umagwa pansi, makilo asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu, makamaka ngati mlimi anauyanika mopitirira n'kuuma gwa. Wathunthu wolowa m'paketi umatsala makilo 25 basi, theka la zomwe unagula. Ndinalemba za chigayo, kuti magetsi akazima umalipira cha dizilo chomwe ndi chodula. Ndinalemba za wakabaza wonyamula matumba, za mapepala, za sikelo yomwe sinama ngati kapu ya kumsika. Ndinalemba za miyala, poti alimi ambiri amaombera mpunga pansi, ndipo timiyala toyera tofanana ndi mpunga timangodziwika dzino likasweka. Ndinamaliza ndi msana wanga, kuti nawonso si waulere.

Ndinaona kuti ndalemba bwino. Anthu angapo anavomereza. Mayi wina analemba kuti amagula kwa ine ndipo sanalumepo mwala. Ndikanasiyira pamenepo, lero nkhani ino bwenzi palibe.

Bambo wa tayi anakhala chete mpaka Lachiwiri masana. Kenako anatumiza chithunzi.

“Ndili pamsika wa Khombedza pano,” analemba. “Kilombero yemweyo, K3,000, ndipo mayi ake ndi aulemu, alibe leketala. Kapena mpunga uwu sunapite kuchigayo, unadzivula wokha? Madamu a masamu, tithandizeni.”

Ndinakulitsa chithunzicho ndi zala. Beseni lobiriwira, long'ambika m'mphepete, losokedwa ndi waya. Waya ameneyo ndinasoka ndine. Pambali panali kapu yachitsulo yoyezera ndi dzanja la munthu wamkazi, chala chaching'ono chopindika pomwe chinathyoka tili ana. Nkhope sinaoneke, koma sindinafunikire nkhope. Anali achemwali anga, oyamba kubadwa m'mimba mwa amayi.

Ndiyenera kunena za achemwaliwa. Amayi atamwalira ine ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, ndipo ndi iwo ananditenga. Ndi iwo anandiphunzitsa kugwira lichero, kuluma njere ya wosapuntha kuti udziwe ngati wauma bwino, kupukusa mpunga m'manja n'kununkhiza kuti wogulitsa asakunamize. Ndinakhala nawo pabenchi yomweyo ya pa Khombedza zaka zisanu ndi chimodzi ndisanakwatiwe. Amuna awo ndi asodzi amene nyanja inasiya kuwakomera mtima, ndipo ana anayi amadya za m'beseni lobiriwiralo. Pakamwa pawo ndi pakuthwa kuposa panga, kungoti iwo amadziwa kudikira.

Ndinkadziwanso bwino lomwe chifukwa chimene mpunga wawo unali wotchipa, poti ndinkathandiza nawo kusakaniza. Pansi pa beseni amathira mpunga wa mtundu wina, wobereka kwambiri koma wopanda fungo, wosakaniza ndi wosweka. Pamwamba amayala Kilombero weniweni, wokhuthala ngati chikhatho. Kasitomala akatapa pamwamba n'kununkhiza, fungo lilipo. Poyeza, kapu imalowa mopendekeka n'kutapa zapansi, pamwamba n'kuwazapo pang'ono wabwino. Si iwo okha amatero, mzere wonse umatero, ndipo ambiri ogula kapu imodzi ya ana amadziwa koma alibe ndalama ya wina. Ine ndinazisiya chifukwa ndinkafuna makasitomala a m'tauni amene amabweranso. Ndinalibe chiyero chilichonse choposa achemwali.

Akuluakulu anati khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Bambo wa tayi anali atakhala pa mkhate wa kwathu osadziwa n'komwe. Kuti ndifotokoze chifukwa chimene wanga ukudulira, ndinayenera kunena chifukwa chimene uwo watchipira.

Ndili mkati moganiza, uthenga unalowa kumbali, wa mayi wa ukwati. “Mwaswera bwanji asisi. Ndaona zokambirana zija. Alamu anga akuti pa Khombedza angapeze wotchipa, ndiye pa makilo 150 kusiyana kwake n'kwakukulu ndithu. Mundilole ndiganize kaye, Lachisanu lija tisalimbikire.”

Ndinayang'ana chitseko cha chipinda momwe munali matumba. Ndinayang'ana manja anga otuwa ndi fumbi la madeya. Mwamuna wanga anali pabwalo akukonza njinga, ndipo atandiona nkhope anati, “Mayi a mwana, ikani foniyo pansi. Mukayankhe mawa.” Ndinamuyankha kuti mawa mpunga wanga udzadyedwa ndi anankafumbwe iye akupopa matayala.

Ndikanatha kulemba kuti mitengo imasiyana malinga ndi mtundu wa mpunga, n'kusiyira pomwepo. Ndikanatha kuyimbira mayi wa ukwati n'kumufotokozera awiriwiri. Nzeru zimenezi zinabwera Lachinayi. Lachiwiri lija ndinkafuna chinthu chimodzi chokha, kuti bambo wa tayi achite manyazi pamaso pa anthu onse amene anandiseka. Ndinalemba kuti:

“Bambo, popeza muli pomwepo, musavutike ndi masamu anga. Pindani malaya, pisani dzanja pansi pa beseni lomwe mwajambulalo, mutulutse zapansi, mununkhize, mutijambulirenso. Mukapeza Kilombero wathunthu mpaka pansi, ndikupatsani makilo khumi aulere. Zotchipa zili ndi chifukwa chake.”

Ndinatumiza. Ndisaname, mtima unakoma. Kwa mphindi ngati zisanu ndinadzimva ngati ndagwetsa njovu.

Munthu wanzeru akanachita manyazi n'kuchokapo. Bambo wa tayi analibe mbali, iye chake chinali choseketsa anthu basi. Anatumiza kanema. Dzanja lake, wotchi ili pamkono, linalowa m'beseni la achemwali mpaka m'chigongono, n'kutuluka ndi mpunga wotuwa, woswekasweka ngati misere. Anauwaza pamwamba pa woyera uja kuti kusiyana kuoneke. Mawu ake ankamveka akuseka: “Abale, Kilombero wa nsanjika uyu! Pamwamba bwana, pansi wantchito. Mayi, uyu ndi mpunga kapena mchenga wa ku Senga Bay?” Kanemayo anakwera pang'ono n'kuonetsa nkhope. Achemwali anali atagwira kapu yawo m'manja, pakamwa pali yasa, akuyang'ana uku ndi uku kwa anzawo a pamzere. Mpango unali utatsetsereka pang'ono ndipo sanaukonze. Sindinawaonepo akusowa chonena chibadwire changa.

Gulu linaphulika. Amene ankandiseka dzulo lake anayamba kunditamanda. “Mayi awa ndi achilungamo.” “Mavenda akuba atiphetsa.” Wina anati mwini beseniyo amutengere kwa oyang'anira msika. Bambo wa tayi, osachita manyazi ngakhale pang'ono, analemba kuti, “Chabwino madamu, uyu ndi wakuba. Koma inu ndinu odulabe. Kusiyana kwa wakuba ndi wodula ndi risiti.”

Ndinaimbira achemwali. Kafoni kawo kakang'ono kanaitana mpaka kudula. Ndinaimbanso, kanali katazimitsidwa.

Lachitatu ndinamva kwa mnzanga wogulitsa tomato pa Khombedza kuti kanema uja wazungulira msika wonse. Aliyense wofika pa mzere wa mpunga ankayamba wapinda malaya. Ena sankafuna n'kugula komwe, ankangofuna kupisa dzanja m'beseni lobiriwira lotchukalo. Azimayi a pamzere anawakwiyira achemwali kuti awabweretsera tsoka, ndipo wina anawauza amene anayambitsa. Anawawerengera mawu anga onse, liwu ndi liwu.

Yankho lawo linabwera Lachinayi m'mawa. Iwo m'gulumo munalibe, koma anabwereka foni ya mayi wogulitsa nyemba amene analimo, n'kutumiza uthenga wa mawu. Ndinaumvera nditaima pakati pa bwalo, tsache lili m'manja.

“Asalamu aleikumu nonse a m'gulu. Ine ndine mwini beseni mwakhala mukuliseka lija. Sindikana, pansi pali wosweka. Ana anga amadya momwemo. Koma popeza mayi a sikelo amakonda kufotokoza, afotokozenso ichi: wosweka umenewu ndimaugula kwa ndani? Ine chigayo ndilibe, sefa ndilibe. Ukagwa pansi pa sefa yawo umapita kuti? Amautaya kunyanja? Ndi mng'ono wanga ameneyo, bere limodzi. Amandigulitsa yekha, ndalama amalandira ndi manja awiri, amadziwanso kumene ukupita. Wallahi, ndikunama Mulungu andione. Iwe, uwauze. Wayamba wekha.”

Zinali zoona, ndipo n'chifukwa chake zinawawa. M'masamu anga okongola aja ndinalemba kuti wosweka umagwa pansi pa sefa, n'kusiya anthu aganize kuti ndi ndalama yotayika. Sindinalembe kuti ndikapunthitsa, achemwali amatuma wakabaza kudzatenga woswekawo, kulipira pompopompo, osanenerera. Ndalama imeneyo ndiyo inkalipira chigayo ndi mayendedwe. Popanda iyo, K4,500 ija sikanakwana. Ndinkadziuza kuti zimene amachita nawo ndi zawo, mwina amagulitsa kwa ophika phala. Ndinkadziwa kuti si phala. Mpunga wanga unkayera chifukwa zinyalala zake zinkagona pansi pa beseni la achemwali.

Bambo wa tayi anachita ngati wapeza ndalama panjira. “Haaa! Ndiye kuti ndi kampani imodzi! Wina dipatimenti ya mabwana, wina dipatimenti ya amphawi. Madamu a chilungamo, bwerani mudzatiphunzitsenso masamu, gawo lachiwiri.” Analemba mauthenga asanu ndi awiri otsatizana, ndinawawerenga. Amene ananditamanda Lachiwiri anatembenukanso. Mayi wina anati munthu woyalutsa m'bale wake chifukwa cha kasitomala angathe kukuthira chilichonse m'paketi. Ameneyo anandibaya kuposa bambo wa tayi, chifukwa sankaseka.

Ndinalemba mayankho atatu n'kuwafufuta onse. Loyamba linali lotukwana bamboyo ndi tayi yake. Lachiwiri linali lonena kuti kugulitsa wosweka si mlandu, mlandu ndi kuutcha Kilombero, zomwe ndi zoona ndithu, koma kukanakhala kuwapondanso achemwali kachiwiri. Lachitatu sindikulikumbuka. Potsiriza ndinalemba mwachidule: “Zimene anena achemwali anga ndi zoona. Wosweka ndimawagulitsa ndine. M'mapaketi anga mulibe wosweka, amene akukayika abwere adzatsegule.” Bambo wa tayi anayankha ndi kachithunzi ka munthu akuwomba m'manja. Adimini anatseka gulu kwa tsiku lonse.

Lachisanu ndalama sinabwere. Loweruka m'mawa kunabwera galimoto, ndipo munatsika mayi wa ukwati mwini wake ndi alamu ake aja, mzimayi wamtali wosaseka. Ndinawayalira mphasa, anakana kukhala.

“Asisi,” anatero mayiyo, “ine nkhani za pabanja panu sizikundikhudza. Ine ndikufuna alendo anga asalume miyala. Tione mpungawo.”

Oda yawo ndinali nditaiika m'matumba atatu a makilo 50, osokedwa bwino. Anandiuza kuti ndimasule onse. Alamu aja anavula wotchi, kupinda dzanja la bulauzi, n'kupisa m'thumba loyamba mpaka paphewa. Anatulutsa zapansi, kuziyala pachikhatho, kuzifalitsa ndi chala, kununkhiza. Anachita chimodzimodzi thumba lachiwiri ndi lachitatu, pakati ndi m'mbali momwe. Ana a aneba anaunjikana pampanda. Ine ndinaima pambali ndi singano yosokera matumba m'manja, osadziwa koyang'ana, ndipo ndinakumbuka nkhope ya m'kanema ija ndi kapu m'manja. Mpunga wanga unali wabwino mpaka pansi, komabe manyazi anandigwira ngati andivula pamsika. Ndiye achemwali, amene pansi pawo panali zija, anamva bwanji?

“Uli bwino,” anatero alamuwo, ngati zawakhumudwitsa.

Mayi wa ukwati anayesa kundigwetsa mtengo. Anati pambuyo pa zonsezi ndiyenera kuchotsako. Ndinakana. Ndinati mtengo ndinaufotokoza kale, ndipo wandidyera zambiri kuposa zimene akuganiza. Analipira yonse. Matumba anakwera m'galimoto. Mwamuna wanga anati, “Alhamdulillah, mpamba wabwera.” Unabweradi, ndi phindu lake. Ndinalowa m'chipinda muja, ndipo pakona panali patatsala thumba limodzi losadzadza, wosweka wa matumba asanu ndi limodzi aja. Wakabaza wa achemwali ankayenera kudzalitenga Lachitatu.

Linakhala pamenepo sabata ziwiri. Tinaphikako phala mpaka ana anayamba kulira akaona poto. Ndinayesa kugulitsa kwa azimayi okazinga zitumbuwa za mpunga, anatenga makilo atatu, n'kunena kuti ena adzatenga mwezi wa Ramadhani. Tsiku lililonse polowa m'chipindamo thumbalo linali pomwepo.

Lachisanu la sabata yachitatu ndinalimangirira pa njinga yamoto mpaka ku boma, n'kukwera nalo minibasi ya ku Khombedza. Ndinati ndikawapatsa ulere, ndipo ndikapepesa. Mawu ndinawakonza m'njira monse. Ndinkadalira mwambi uja woti chibale ndi fupa, sichiola.

Pa mzere wa mpunga sindinawapeze. Pamalo pawo panali mayi wina wachilendo ndi beseni lofiira. Azimayi amene anandidziwa ndili mtsikana anandiyang'ana kuyambira kumapazi, palibe anandipatsa moni. Mmodzi analoza ndi milomo kumapeto kwa msika, kufupi ndi poimikira njinga.

Anali kumeneko, atakhala pa chidebe. Beseni lobiriwira linali patsogolo pawo, koma munali mtedza wosasenda ndi timilu ta bonya pathumba loyala pansi. Munthu amene wagulitsa mpunga zaka zoposa makumi awiri. Anandiona ndikubwera, wonyamula katundu ali pambuyo panga ndi thumba, ndipo sanasunthe.

“Asalamu aleikumu, achemwali.”

“Waleikumu salamu.” Moni wa Mulungu sakanidwa, ndipo anangoyankha chifukwa cha chimenecho.

Ndinagwada pambali pawo, pafumbi pomwepo. Ndinati ndinalakwa, mtima unanditsogolera, bambo uja anandiputa pamaso pa kasitomala wamkulu. Ndinati sindinatchule dzina lawo.

“Sunatchule dzina,” anatero. “Beseni ili sunalidziwe? Waya uyu anasoka ndani?”

Ndinayang'ana waya uja, iwo n'kufunsanso.

“Oda ija inatheka?”

“Inatheka.”

“Analipira yonse?”

“Yonse.”

“Chabwino. Ndiye sunalakwe, wachita malonda.” Anatenga mtedza umodzi, kuuswa, kutaya makoko, osaudya. “M'thumbamo muli chiyani?”

“Wosweka uja. Ndabweretsa, musalipire.”

Anaseka, kuseka koipa kopanda mano. Mayi wa bonya woyandikana nawo anatembenuka.

“Undipatse ndikaike pansi pa chiyani? Pansi pa mtedza? Anthu akafika pano amayamba apinda malaya, ngakhale pa mtedza pomwe, kuti aseke. Mwana wanga kusukulu akumutcha Pisani Dzanja.” Anapukuta manja pachitenje. “Anandiwerengera masamu ako aja. Unalemba bwino, sukulu sinapite pachabe. Chigayo unaika. Wakabaza unaika. Mapepala, sikelo, miyala, ndi msana wako womwe unauika pa mtengo. Chinthu chimodzi unaiwala. Ine. Zaka ziwiri ndakhala ndikusenza zinyalala zako kuti iwe uzioneka woyera pafoni. Pita ukandiike pa mtengo. Bambo wa tayi akafunsanso, udzamuuze kuti mpungawo wadula chifukwa munalowa mchemwali.”

Ndinalira pamenepo, pamaso pa anthu a njinga. Iwo sanalire. Anaitana wonyamula katundu uja n'kumuuza kuti abweze thumbalo ku siteji, mayiwa akubwerera. Anatulutsa ndalama pamfundo ya chitenje n'kumulipira okha, kuti ndisanene kuti ndinawataira kanthu.

Ndinabwerera nalo thumbalo mpaka kunyumba, kulipiranso minibasi ndi njinga.

Nditapunthitsanso mwezi wotsatira, ndinakhala pansi ndi pensulo, ndipo masamu anakana. Popanda wogula wosweka nthawi yomweyo, kilo sinkatha kutsika pa K5,000. Ndinaika zithunzi Lolemba, ndi mtengo watsopanowo. Sipanathe mphindi khumi.

“Madamu akweza! Paja tinavomereza kuti mulibe golide. Tsopano mwathiramo chiyani chatsopano?”

Kwa nthawi yoyamba bamboyo anafunsa funso lenileni, ndipo yankho lake ndinali nalo, achemwali anandipatsa kale. Chala chinafika pa foni. Kenako ndinaitembenuza pamphasa, n'kukoka lichero.

Madzulo ake bambo wa tayi anandilembera kumbali, mwaulemu ngati si iye. Anati akazi ake akufuna makilo awiri, ndipo popeza tadziwana, ndingamuchotsereko pang'ono? Ndinamugulitsa pa K5,000, osachotsa ngakhale tambala, ndipo analipira.

Achemwali anabwerera ku mpunga patapita miyezi isanu, pamalo ena, ndi beseni lina. Wosweka amagula kwa munthu wa kuchigayo cha pa boma. Pa Idi timakumana kwa amalume, timapatsana moni, timadyera mbale imodzi. Chaka chatha mpunga wa paphwandopo ndinabweretsa ndine, Kilombero wathunthu, fungo mpaka kumsewu. Aliyense anauyamikira. Achemwali anadya nyama ndi kabichi, mpungawo anaukankhira mbali yanga.